Vidiyo yokumbukira agogo: yambani ndi mawu, zithunzi zibwere pambuyo

*Agogo athu anatisiya chaka chatha kuno ku Mufakose, ndipo mwezi wamawa tikuvundukula chiliza. Abale andipatsa ntchito yokonza vidiyo yowakumbukira. Ndasonkhanitsa zithunzi 143, anthu 11 akufuna kulankhulamo, ndipo aliyense akutchula nyimbo yake. Ndili ndi foni ndi CapCut basi. Ndilembe bwanji dongosolo lake kuti isakhale chipwirikiti? Ndine mdzukulu wawo wamkazi.*

Pepani ndi zovuta, achemwali. Foni ndi pulogalamu muli nazozo ndi zokwanira. Chimene ndikupempheni ndi chakuti mutseke kaye pulogalamuyo, zithunzinso muzibwezere mu envulopu, mutenge pepala ndi cholembera. Ndajambula maukwati ndi zikumbutso zambiri mu Harare muno, ndipo mavidiyo otopetsa amene ndaona anayamba mofanana: munthu anandanda zithunzi zonse, n'kuikapo nyimbo, kenako n'kumafuna pofinyira mawu a anthu. Chimene chimagwira mtima pa tsikulo ndi mawu. Zithunzi ntchito yake ndi kuperekeza mawuwo, ndipo nyimbo imalowa pamene mawu apuma.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa ndi amene adzakuthandizeni pokambirana ndi abale. Anthu okhala m'tenti, amene achokera kumanda ndipo akumva fungo la nsima kuseri, amatha kumvetsera bwino mphindi 6, mwina 7. Mphindi 6 ndi masekondi 360. Chotsanipo pafupifupi 25 a poyambira, 45 a pomalizira, ndi ena 30 opumira pakati pa olankhula. Otsala ndi masekondi 260. Munthu wamkulu akamakamba za malemu amalankhula modekha, ndipo pamene ndakhala ndikuwerenga pa mavidiyo anga, mawu achichewa amakwana pafupifupi 90 pa mphindi imodzi. Ndiye kuti vidiyo yonse ili ndi malo a mawu osapitirira 400, tsamba limodzi lolemba pamanja ndi pang'ono. Mukagawira anthu 11, aliyense apeza masekondi 23, ongokwanira kudzitchula dzina ndi kunena kuti agogo anali munthu wabwino. Mukagawira anthu 5, aliyense ali ndi mpata wofotokoza nkhani imodzi yathunthu.

Zithunzinso chimodzimodzi. Chithunzi cha munthu mmodzi chimafuna masekondi 6 kapena 7. Cha gulu chimafuna 10, chifukwa aliyense m'tentimo amayamba wadzifunafuna yekha ndi mayi ake asanayang'ane agogo. Nthawi zina pasikirini padzakhala nkhope ya wolankhula, choncho zithunzi zimene zingalowe ndi 30 mpaka 35. Zotsalazo musataye. Pangani vidiyo yachiwiri ya zithunzi zokhazokha yoti izizungulira anthu akamadya, ndipo olankhula amene sanalowe mu yoyamba muwaike mu yaitali yotumiza pa gulu la banja. Koma kusankha anthu asanuwo musachite nokha. Pitani kwa atsibweni kapena amene akuyendetsa mwambowo, muwaonetse masamuwa, iwowo ndiwo akauze abale. Mdzukulu akasiya azakhali kunja, nkhaniyo imakambidwa zaka. Akasiyidwa ndi mwini mbumba, imathera pomwepo.

Tsopano kujambula mawu, pamene pagona ntchito yeniyeni. Funso limene muyenera kulipewa ndi lakuti "agogo anali munthu wotani?" Yankho lake ndikulidziwa kale: anali okonda anthu, opemphera, osasankha. Ndi zoona, koma mawu amenewo anenedwa pa maliro alionse, ndipo womvera saona nkhope ya agogo anuwo. M'malo mwake mupatseni wolankhulayo chithunzi chimodzi m'manja, mumufunse kuti, "Tsiku limeneli kunachitika chiyani?" Kapena, "Ankakukalipirani chifukwa cha chiyani?" Kapena, "Mukalowa pageti, mawu awo oyamba ankakhala otani?" Akayankha musathamangire funso lina. Khalani chete, muwerenge mpaka 5 mumtima. Kawirikawiri mawu amene amalowa mu vidiyo amatuluka pambuyo pa kachetechete kameneko, munthu ataiwala kuti foni ikujambula. Aliyense mucheze naye mphindi 10 kapena 15, ngakhale mudzatengapo masekondi 50 okha.

Malo ojambulira akhale chipinda chogona, chokhala ndi matiresi ndi makatani, chifukwa nsalu zimameza phokoso lobwerera. Pabalaza pa simenti mawu amamveka ngati a m'chitsime. M'galimoto yoima, mawindo otseka, ndi mwabwinonso. Zimitsani firiji ndi wailesi, foni muiike pa Airplane mode, ndipo italikirane ndi pakamwa ngati chikhato chimodzi ndi theka. Ngati mukujambulanso nkhope, foni igone chopingasa, wolankhulayo ayang'ane kuwindo. Musanachoke mujambule masekondi 20 a chipindacho popanda wolankhula. Kaphokoso kameneko mudzakaika m'mipata imene mwadula, kuti mawu asamangoti zii mwadzidzidzi ngati foni yathima. Abale a ku Malawi kapena ku Joni atumize mawu pa WhatsApp, koma muwatumizire funso limodzi lokha. Mukangoti "lankhulani za agogo", mudzalandira ulaliki wa mphindi 9.

Pali nkhani ya chilankhulo, imene kuno kwathu siithawika. Akuluakulu adzalankhula Chichewa, adzukulu ambiri amaganiza m'Chishona, a kunja ena Chingerezi. Musakakamize mwana wobadwira ku Mufakose kuloweza Chichewa chimene salankhula. Zimamveka kuti akuwerenga, ndipo azigogo m'tentimo amayamba kuseka pamalo posayenera. Aliyense alankhule m'chilankhulo chimene ankachezera ndi agogowo. Inu muike mawu omasulira pansi, mizere yosapitirira iwiri, zilembo zoyera zazikulu, zozitaipa nokha.

Mukamaliza kujambula, mverani zonse, mulembe ziganizo zimene zakugwirani, ndipo muyang'ane chinthu chimene anthu awiri kapena atatu achitchula osapangana. Chimenecho ndiye chingwe chomangira vidiyo yonse. Ndikupatseni chitsanzo cha banja lina la ku Mabvuku limene ndinagwira nalo ntchito. Gogoyo ndimutcha aNambewe, ngakhale silinali dzina lawo. Anachokera ku Dedza mu 1959, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kutsatira amuna awo amene ankagwira ntchito yophika m'nyumba za azungu. Anadzera njira ya ku Tete ndi Mutoko, monga ankachitira ambiri. Pa anthu amene ndinacheza nawo, atatu anatchula thiranki lachitsulo limene linkakhala pansi pa bedi, lolongedza kale, "la popita kumudzi". Ana ankaliona ngati nthabwala. Mng'ono wawo wa ku Dedza ankalikumbukira tsiku limene linanyamuka. Apo ndinadziwa kuti vidiyoyo iyamba ndi thiranki, ithanso ndi thiranki.

Dongosolo ndimalilemba chonchi: nthawi, zimene diso likuona, zimene khutu likumva. Nachi chiyambi chake.

0:00 mpaka 0:12. Sikirini yakuda. Masekondi 4 oyamba kulibe chilichonse chomveka, kuti anthu akhale chete. Kenako dzina ndi zaka zikuonekera, ndipo amayi oyimba chong'ung'udza akuyamba chapansipansi.

0:12 mpaka 0:24. Chithunzi cha thiranki, chojambulidwa sabata yomweyo, dzimbiri lake likuoneka. Nyimbo ikumveka bwino. Palibe wolankhula.

0:24 mpaka 0:50. Nyimbo ikutsika sekondi imodzi mawu asanayambe. Mng'ono wawo: "Tsiku limene akulu anga ankanyamuka, amayi anawapatsa thiranki lija. Munali nsalu ziwiri, mthiko ndi ufa pang'ono. Anati akungokaona alamu ku Halale, mvula ikamayamba abwera kudzalima. Ine ndinali kamtsikana. Ndinadikira mvula imeneyo, ndi ina, ndi inanso." Pasikirini: thiranki likhalebe mpaka pa mawu oti "ufa pang'ono", kenako chithunzi chakale kwambiri cha aNambewe ali mtsikana, chikuyandikira pang'onopang'ono kumaso. Dzina ndi ubale wa wolankhula zilembedwe pansi kwa masekondi 4.

0:50 mpaka 0:58. Kupuma. Nyimbo ikukwera. Chithunzi cha kusitudiyo, iwo ndi amuna awo. Mawu olembedwa: Salisbury, cha m'ma 1961.

0:58 mpaka 1:45. Nyimbo ikutsika. Mwana wawo woyamba akufotokoza za chipinda chimodzi chimene anakuliramo ana 6, ndi thobwa limene mayi ake ankaphika Loweruka kuti apeze ndalama za yunifomu. Nkhope yake ioneke masekondi 8 oyamba, kenako zithunzi 5 za ana ali aang'ono.

Mwaona kuti chithunzi chimasintha pamene ganizo lasintha, osati pamene pulogalamu yafuna. Onaninso kuti pa mawu olemera kwambiri, aja oti "ndi ina, ndi inanso", sindinasinthe chithunzi. Diso likalandira chatsopano, khutu limasiya kumva kwa kamphindi, ndiye chiganizo chimene mukufuna kuti chikhale m'mitima chisagundane ndi kusintha kwa chithunzi.

Zaka zimene mukulemba pasikirini zimafuna kusamala, chifukwa m'tentimo muli anthu amene analipo. Chitupa cha aNambewe chinkati anabadwa 1938, koma mng'ono wawo anati chaka cha pa chitupacho anangochiyerekeza wolemba. Tinafunsa banja, ndipo anasankha kutsatira chimene chinalembedwa pa chiliza kuti pasakhale zaka ziwiri zosiyana pa tsiku limodzi. Inunso fananizani ndi chiliza chanu musanalembe. Dzina la malo nalonso lili ndi msampha. Mzinda wa Harare unkatchedwa Salisbury mpaka 1982, ndipo kalelo dzina loti Harare linali la komboni imene lero ndi Mbare. Gogo akati "tinafikira ku Harare" pokamba za 1959, mwina akunena Mbare. Funsani musanalembe.

Pakati pa vidiyoyo panali mayi wa Mvano amene anapemphera nawo zaka zambiri ku CCAP, kenako mdzukulu amene analankhula m'Chishona za mmene agogo ankamubisira ndiwo bambo ake akamukalipira. Apa anthu anaseka, ndipo ndinachita dala kuika nkhani yosekesayo cha pa mphindi yachitatu. Anthu sangalire mphindi 6 mosalekeza. Amatopa n'kuyamba kuyang'ana mafoni. Akaseka pakati, mapeto amawapeza mitima ili yotseguka. Mukaika nthabwala, siyani masekondi 5 kapena 6 opanda mawu pambuyo pake, apo ayi kuseka kudzakwirira wolankhula wotsatira.

Za nyimbo ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Ndikuyamba kumene ntchitoyi, ndinaika nyimbo ya m'buku la kutchalitchi, yoyimbidwa ndi mawu ake, pansi pa malankhulidwe a mkulu wina wa banja. Ndinaitsitsa bwinobwino, pa mahedifoni zonse zinkamveka. Tsikulo litafika, amayi a Mvano atangomva mzere woyamba anailandira, tenti yonse n'kuyamba kuyimba, ndipo zimene ananena mkuluyo palibe anazimva. Sanandiyankhule mpaka madzulo. Kuyambira pamenepo lamulo langa ndi ili: pansi pa wolankhula pasakhale nyimbo ya mawu. Khutu silitha kutsatira anthu awiri nthawi imodzi, ndipo anthu athu nyimbo imene akuidziwa samangoimvera, amaiyimba.

Ndiye chimene ndimachita ndi kupempha amayi anayi kapena asanu a kutchalitchi kwa malemu kuti ayimbe nyimbo imene ankaikonda kawiri: koyamba chong'ung'udza, milomo yotseka, kachiwiri ndi mawu ake. Kujambula kwake sikupitirira theka la ola. Yong'ung'udzayo ndiyo imayenda pansi pa vidiyo yonse, ya mawuyo ndimaisungira kumapeto. Izi zimathetsanso mkangano wa aliyense kufuna nyimbo yake, popeza yalowayo ndi ya agogo eni ake. Zimakupulumutsaninso ku vuto lina: mukatenga nyimbo ya woyimba wodziwika n'kuika vidiyoyo pa Facebook kapena YouTube, makina awo amatha kuizindikira n'kuzimitsa mawu kapena kuitsekereza, ndipo abale akutali amaona zithunzi zopanda mawu. Ngati banja lanu ndi la mpingo kapena chipembedzo chimene sichilola zoyimbira zina pa mwambo wotere, funsani atsogoleri. Vidiyo ya mawu okha ndi kachetechete imathekanso bwino.

Mulingo wake ndi uwu. Pamene munthu akulankhula, nyimbo ikhale pansi pa mawuwo ndi 18 dB kapena 20 dB, dB pokhala muyeso wa kukula kwa mawu. Mu CapCut dulani nyimboyo pamene mawu akuyambira ndi pamene akuthera, chidutswa cha pakaticho muchitsitse pa Volume, ndipo mugwiritse Fade in ndi Fade out za sekondi imodzi kapena ziwiri kuti kutsika ndi kukwera kusamveke ngati chitseko chamenyetsedwa. Koma manambala asakunamizeni. Kuyesa kwenikweni ndi kuika foni patebulo, n'kuitana munthu wachikulire amene sanamvepo mawuwo, akhale mapazi angapo kuchoka pamenepo. Akafunsa kuti "wati chiyani?" ngakhale kamodzi, tsitsaninso nyimbo. Inu simungadziyese nokha, chifukwa mawuwo mwawaloweza kale ndipo muwamva ngakhale atakwiririka.

Pali malo amodzi pamene nyimbo iyenera kuzimiratu. Ngati muli ndi mawu a agogo eni ake, kaya ndi uthenga wa pa WhatsApp kapena kavidiyo ka pa ukwati, ayime okha. Mapeto a aNambewe anali otere:

4:50 mpaka 5:05. Mwana wawo wamkazi womaliza: "Titatsegula thiranki lija tinapezamo mthiko womwe uja, makadi a sosaite ya maliro, ndi nsalu yatsopano yolembedwa dzina la mng'ono wawo." Chithunzi: thiranki lotsegula. Nyimbo ikutsika mpaka kuzima.

5:05 mpaka 5:18. Masekondi 3 a chete. Kenako mawu a aNambewe, ochokera mu uthenga umene anatumizira mdzukulu: "Wafika bwino? Usaiwale juzi, kukuzizira. Undiimbire ukadya." Chithunzi chimodzi chokha, akuseka, chosayenda.

5:18 mpaka 6:10. Amayi akuyamba nyimbo ndi mawu ake, ndime yonse. Zithunzi 5 za banja lonse, masekondi 10 chilichonse. Chomaliza chizimirira pang'onopang'ono.

Ndime yomalizayo ndinaisiya yathunthu podziwa kuti tenti idzailandira, ndipo inailandiradi, n'kupitiriza ndime yachiwiri vidiyo itatha kale. Koma mawu a malemu ndi olemera. Ana awo enieni muwaonetse vidiyoyo kunyumba masiku awiri kapena atatu mwambo usanafike, kuti alire kaye paokha. Kumva mawu a mayi ako mwadzidzidzi pa sipika, pamaso pa anthu, kumatha kugwetsa munthu. Akakana kuti mawuwo asalowe, achotseni osatsutsa. Pa kuonetsa komweko adzakuuzaninso zithunzi zimene sakuzifuna. Ine za kuchipatala ndi za bokosi sindiziika n'komwe, ndipo chithunzi chimene muli munthu amene banja linasiyana naye moipa ndimafunsa ndisanachigwiritse ntchito. Wolankhula akalira pakati pa chiganizo, siyani kupuma kwake kwa masekondi awiri kapena atatu, kulira kwenikweniko mudule. Palibe amafuna kudziona akusisima pasikirini chaka ndi chaka.

Zithunzi zakale muzijambule panja pamthunzi, popanda kuwala kwa foni, foniyo italunjika pamwamba pake ndendende kuti nkhope zisapendekeke. Zotulukamo m'pulasitiki zitulutseni, koma chimene chamatirira pagalasi kapena papepala musachikakamize, chimang'ambika nkhope. Abale potumiza zawo asankhe Document pa WhatsApp, chifukwa njira yachizolowezi imachepetsa chithunzi ndipo pasikirini yaikulu chimaoneka chophwanyika. Musazipake utoto kapena kuzisalaza ndi mapulogalamu okonza nkhope. Azakhali anu adzati si mayi awo amenewo. Posintha zithunzi gwiritsani njira imodzi yokha, ija yoti china chizimirira china chikubwera. Zotembenuka ndi zothwanima zisiyireni vidiyo ya tsiku lobadwa.

Pomaliza, tsiku lenilenilo. Pulojekita m'tenti masana sioneka, dzuwa la kuno limaimeza. Bwerekani wailesi yakanema yaikulu muiike kumbali yamthunzi, pamwamba poti okhala pamphasa ndi a pamipando onse aone. Sipika za wailesiyo sizikwanira, ilumikizeni ku sipika imene abusa akugwiritsa ntchito. Vidiyoyo muitulutse ngati MP4 pa 1080p, muiike pa fulashi ziwiri, ndipo muiyese pa wailesi yomweyo dzulo lake, chifukwa zina zakale zimaonetsa chithunzi n'kukana mawu. Magetsi musawadalire. Jenereta ikhale kuseri kwa nyumba ndi chingwe chachitali, apo ayi idzalankhula kuposa mng'ono wa agogo. Ndipo pemphani woyendetsa mwambo kuti vidiyoyo ionetsedwe anthu atabwera kuchokera kumanda n'kukhala pansi, mbale zisanayambe kuyenda.